Zikagwa kumudzi: imelo yopempha tchuthi chadzidzidzi ndi kusiyira anzako ntchito

M'zipatala za boma m'Malawi muno, munthu akagonekedwa pamafunika wachibale womudikirira. Ambiri amangomutchula kuti gadiyani. Ameneyu ndiye amasambitsa wodwala, kumumwetsa phala, kumutembenuza usiku, kuchapa zofunda ndi kuthamangira kwa anamwino zinthu zikayamba kusintha. Anamwino ndi ochepa poyerekeza ndi odwala, choncho ntchito zimenezi zimagwera abale. Masiku ano wachibale amene banja limamudalira kawirikawiri amakhala uja wa pantchito ya mwezi m'tauni, chifukwa ndiye ali ndi ndalama ya galimoto, ya mankhwala ndi ya chakudya. Foni ikalira usiku kuti mayi agwa ndipo sakuyankhula, munthu ameneyu amakhala ndi maola ochepa oti achite zinthu ziwiri: kupeza njira yofikira kuchipatala, ndi kuchoka kuntchito mwadongosolo.

Chachiwirichi ndicho ambiri amachichita mwachisawawa. Wina amangotumiza uthenga wa mawu atatu pa WhatsApp, wakuti "bwana, zandigwera, ndachokapo." Wina amauza mnzake wa pa desiki yoyandikana kuti akamunenere. Palibe angawadzudzule anthu otere, chifukwa mtima umakhala uli kwa wodwala. Koma pakangotha masiku awiri foni imayamba kulira m'wodi: fayilo ija ili kuti, makiyi a kabati ali ndi ndani, mubwera liti? Imelo yolembedwa bwino, yomwe singadye mphindi makumi awiri, imatseka mafunso onsewa munthu asanakwere basi.

Zomwe lamulo limapereka ndi zomwe silipereka

Anthu ambiri amakhulupirira kuti tchuthi cha maliro kapena chosamalira wodwala chili m'malamulo a dziko. Lamulo lokhudza olemba ndi olembedwa ntchito la chaka cha 2000 limatchula tchuthi cha pachaka: masiku 18 kwa wogwira ntchito masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndi masiku 15 kwa wogwira masiku asanu. Limatchula tchuthi cha matenda kwa amene wakwanitsa miyezi 12 pantchito: masabata anayi akulandira malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu akulandira theka, akabweretsa kalata ya dokotala. Limatchula tchuthi cha uchembere, ndipo litakonzedwa mu 2021 linawonjezera masabata awiri a bambo amene mkazi wake wabereka. Koma za masiku okadikirira mayi ako kuchipatala kapena okaika m'manda mchimwene wako, lamuloli silinena kanthu. Masiku oterowo amapezeka m'kontilakiti ya munthu kapena m'buku la malamulo a pamalo pomwe akugwira ntchito, ndipo amasiyana kampani ndi kampani.

Tchuthi cha matenda nachonso n'cha wogwira ntchito iye mwini akadwala. Sichikhudza matenda a mayi, a mwana kapena a mkazi wake. Amene amalemba kuti akudwala pomwe wodwala ndi wina amadziika pangozi yopanda chifukwa, popeza bodza lotere likadziwika limasanduka mlandu wa kusakhulupirika.

M'mayiko oyandikana nafe zinthu n'zosiyana, ndipo achibale omwe ali kumeneko ayenera kudziwa. Ku Zambia lamulo la ntchito la 2019 limapereka masiku 12 pachaka, a malipiro onse, kwa munthu amene wataya mwamuna kapena mkazi wake, kholo, mwana kapena wina amene amamusunga. Ku South Africa lamulo la 1997 limapereka masiku atatu okha pachaka, kwa amene wagwira ntchito kupitirira miyezi inayi, mwana wake akadwala kapena wachibale wapafupi akamwalira. Matenda a kholo mulibemo. Munthu amene ali ku Joni ndipo bambo ake agonekedwa ku Mangochi ayenera kupempha kuchokera pa tchuthi chake cha pachaka kapena kupita popanda malipiro, ndipo masiku atatu aja sangakwanire ngakhale ulendo wa pabasi wopita ndi kubwerera.

Pali ndime ina m'lamulo lathu lija yomwe imachititsa kuti kulemba kukhale kofunika. Ndime 59 imalola wolemba ntchito kuchotsa munthu nthawi yomweyo ngati wajomba popanda chilolezo komanso popanda chifukwa chomveka. Matenda aakulu a kholo ndi chifukwa chomveka, ndipo ndime 57 imati munthu asachotsedwe pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mwayi wodziteteza. Koma nkhani ikafika pa komiti ya mwambo, kapena ku bwalo loweruza milandu ya olemba ndi olembedwa ntchito, funso loyamba limakhala lakuti munauza ndani, liti, ndipo anayankha chiyani. Zokambirana pafoni zimaiwalika, ndipo abwana amasamuka. Imelo imasunga tsiku ndi ola lomwe inatumizidwa.

Foni kaye, imelo pambuyo

Izi sizikutanthauza kuti imelo ilowe m'malo mwa mawu a pakamwa. Kwathu kuno nkhani ya matenda aakulu kapena maliro siyenera kufika kwa wamkulu ngati kapepala kongoponyedwa. Ndiponso abwana ambiri satsegula imelo Lamulungu usiku. Choncho munthu amayamba waimba, n'kunena mwachidule zomwe zachitika, n'kumva yankho. Abwana akapanda kuyankha foni, uthenga wapafoni umakwanira kwa nthawiyo. Kenako imelo imabwera kudzatsimikizira zomwe zakambidwa ndi kuwonjezera zomwe sizinganenedwe pafoni munthu akunjenjemera.

Pa mzere wa To pamalembedwa bwana amene amakuyang'anira mwachindunji, chifukwa ndiye amavomereza tchuthi. Pa Cc pamalembedwa a ofesi yoona za ogwira ntchito, omwe amasunga kaundula wa masiku, komanso anzako okhawo amene akutenga ntchito zako. Ofesi yonse siyenera kulandira imelo imeneyi. Ndipo n'kwanzeru kudzitumizira kope ku imelo yako ya kunyumba kudzera pa Bcc, chifukwa munthu akaimitsidwa ntchito chinthu choyamba kutsekedwa chimakhala imelo ya kampani. Koma ngati muli manambala a ndalama kapena zinsinsi za makasitomala, kope limeneli likhale la pempho lokha.

Tiyerekeze ndi mayi wina wogwira ntchito mu ofesi ya zachuma pa kampani ina ku Lilongwe. Lamulungu usiku walandira foni kuti mayi ake agwidwa ndi sitiroko ndipo awatumiza ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chomwe anthu amangoti ku Kwinzi. Ulendo wake ndi wa makilomita opitirira 300. Amagwira ntchito masiku asanu pa sabata, choncho tchuthi chake cha pachaka ndi masiku 15, ndipo anatengapo kale asanu ndi limodzi. Waimbira abwana ake usiku womwewo, waimbiranso anzake awiri, ndipo m'mamawa wadutsira ku ofesi asanapite kokwerera basi. Maofesi ambiri amalemberana m'Chingerezi, koma zomwe ziyenera kukhalamo sizisintha ndi chiyankhulo. Imelo yake ingaoneke motere.

Mutu: Pempho la tchuthi chadzidzidzi, Lolemba pa 10 mpaka Lachisanu pa 14 Malichi

Bwana,

Monga ndinakuuzani pafoni usiku wathawu, mayi anga agonekedwa ku Kwinzi ku Blantyre ndipo akufunika wowadikirira. Ndikunyamuka m'mawa uno.

Ndikupempha tchuthi cha masiku asanu, kuyambira lero Lolemba pa 10 mpaka Lachisanu pa 14 Malichi, kuti ndidzayambe ntchito Lolemba pa 17. Masikuwa achotsedwe pa tchuthi changa cha pachaka, chomwe chatsala masiku 9. Lachinayi pa 13 m'mawa ndidzakulemberani kukudziwitsani ngati tsiku lobwererali likhalebe lomweli.

Ntchito ndazisiya motere. Msonkho wodulidwa pa malipiro a Febuluwale uyenera kufika ku MRA pofika Lachisanu pa 14. Ndinawerengera kale, ndipo fayilo ili m'foda ya ofesi yathu ya misonkho. Chatsala n'choti inu muione, kenako a Uje aitumize pa Msonkho Online ndi kukonza malipiro ake. Ndayankhula nawo ndipo avomera.

Lachitatu pa 12 timayenera kulipira makampani atatu otigulitsa katundu. Awiri oyamba mapepala awo ndi okwanira ndipo ali m'thireyi ya pa desiki yanga. Yachitatu isalipidwe kaye, chifukwa sitinalandire pepala losonyeza kuti katundu anafika. Kubanki pamafunika anthu awiri ovomereza, ndiye ndikupempha kuti sabata ino inu mulowe m'malo mwanga.

Makiyi a bokosi la ndalama zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku ndawasiya kwa a Ujeni. Tawerengera limodzi, muli K185,000, ndipo tonse tasaina m'buku.

Lipoti loyerekeza mabuku athu ndi a kubanki lidikire mpaka ndidzabwere.

Masana foni ndizithimitsa chifukwa ndizikhala m'wodi. Pakakhala nkhani yosatheka kudikira, nditumizireni uthenga ndipo ndizikuyankhani madzulo aliwonse pakati pa 6 ndi 7 koloko. Chonde ndiyankheni pa imelo yomweyi kuti mwavomereza. Fomu ya tchuthi ndidzasaina ndikabwera.

Zikomo kwambiri, bwana.

Ine wanu,
Uje

Imelo imeneyi si yayitali, komabe bwana woiwerenga pafoni asanafike ku ofesi wadziwa kale kuti munthu wake wachoka, abwera liti, masikuwo awalemba pati, ndipo ndi ziti zomwe zikufuna dzanja lake sabata imeneyo.

Za matenda enieniwo mayiyu wangolemba chiganizo chimodzi. Sanatchule sitiroko, sanafotokoze kuti mbali ina ya thupi yafa, sanatumize chithunzi cha mayi ake ali pa bedi. Wachita bwino. Imelo ya kuofesi imatumizidwa kwa ena, imasindikizidwa, imaikidwa m'fayilo yomwe alembi osiyanasiyana adzatsegula kwa zaka. Matenda ndi a wodwalayo, ndipo iye sanavomere kuti ofesi ya mwana wake iwadziwe. Zomwe bwana akufunikira kudziwa ndi ubale wake, kukula kwa vutolo ndi komwe lachitikira. Kupepesa kobwerezabwereza nakonso n'kosafunika. Munthu amene mayi ake agonekedwa sanalakwire aliyense, ndipo ndime zitatu za mapepeso zimangokwirira tsiku lobwerera, lomwe ndilo bwana akufufuza.

Tsiku lobwerera ndilo gawo lovuta kwambiri, chifukwa palibe amene amadziwa kuti wodwala atuluka liti. Ena poopa kukhumudwitsa abwana amalonjeza masiku awiri, akudziwa mumtima kuti sizitheka. Ena amalemba kuti abwera zinthu zikakhala bwino, mawu omwe sauza bwana chilichonse ndipo salembeka m'kaundula wa tchuthi. Mayi wa m'chitsanzochi wapereka masiku awiri osiyana: tsiku lomwe akuyembekeza kubwera, ndi tsiku lomwe adzanene ngati zasintha. Lachinayi m'mawa madokotala amakhala atamuona wodwala kangapo, abale amakhala atagawana zoti ndani adikirire sabata yotsatira, ndipo ofesi imatsala ndi tsiku limodzi ndi theka lokonzekera ngati iye sabwera. Powerengera masiku, ulendo uwerengedwenso. Wopita ku Chitipa kapena ku Nsanje kuchokera ku Lilongwe amataya tsiku lathunthu popita ndi lina pobwera, ndipo nthawi ya mvula misewu ya kumudzi ingathe kuwonjezera lachitatu.

Watchulanso mtundu wa tchuthi. Ambiri amaiwala zimenezi, n'kudzazindikira kumapeto kwa mwezi kuti masikuwo analembedwa ngati opanda malipiro. Ngati buku la malamulo a kampani lili ndi masiku a zovuta za m'banja, munthu apemphe amenewo poyamba, otsalawo achoke pa tchuthi cha pachaka. Ngati cha pachaka chinatha, anene poyera kuti akupempha tchuthi chopanda malipiro, kapena afunse ngati angabwereke masiku a chaka chamawa. Mayiyu akabwera pa 17 adzakhala atatsala ndi masiku anayi, ndipo n'kofunika kuti adziwe nambala imeneyi, chifukwa wodwala sitiroko amafunika kumuperekeza kuchipatala kangapo ngakhale atatuluka.

Kusiyira anzako ntchito

Apa ndi pomwe maimelo ambiri amagwera. Munthu amalemba kuti "ntchito zanga aziona a Uje," basi. A Ujewo akumva koyamba pa imelo yomweyo, ali ndi ntchito zawo, mwina nawonso anapempha kale kuchoka Lachitatu. Dzina la mnzako lisalembedwe asanavomere. Foni ya mphindi ziwiri imakwanira, ndipo ndiyo imapereka mphamvu ku mawu aja akuti "ndayankhula nawo ndipo avomera." Ngati nthawi yathina moti sunapeze aliyense, lemba zoona: ntchito yakutiyakuti ilibe woigwira, ndipo ukupempha abwana asankhe munthu. Kugawa ntchito ndi udindo wawo, koma sangagawe chomwe sakuchidziwa.

Si ntchito zonse zomwe ziyenera kusiyidwa kwa ena. Funso lothandiza posankha n'lakuti: ndi chiyani chomwe chingawonongeke, kapena kubweretsa chindapusa, ngati palibe wochikhudza mpaka ndidzabwere? Kwa mayi wathuyu msonkho uli patsogolo, chifukwa msonkho wodulidwa pa malipiro umayenera kuperekedwa pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo kuchedwa kumabweretsa chilango. Kwa mphunzitsi zingakhale mayeso omwe ana alembe Lachinayi ndi makiyi a kabati momwe muli mapepala. Kwa wosunga katundu zingakhale lole yomwe ikubwera Lachiwiri. Kwa namwino ndi mashifiti ausiku omwe ali pa dzina lake. Zinthu zotere kawirikawiri sizipitirira zitatu kapena zinayi. Zotsalazo zinenedwe kuti zidikire, monga mayiyu wachitira ndi lipoti la kubanki. Chiganizo chimenecho chimapulumutsa mnzako amene akanayamba ntchito yosaidziwa bwino n'kuisokoneza, kenako mwini wake n'kudzataya masiku awiri akukonza.

Pa ntchito iliyonse yosiyidwa, wolandira amafuna kudziwa pomwe yafika, chomwe chatsala, komwe kuli mapepala ake ndi tsiku lomwe iyenera kutha. Taonani mmene nkhani ya msonkho yalembedwera: kuwerengera kunatha, fayilo ili m'foda ya onse, chatsala ndi kuiona ndi kuitumiza, tsiku lake ndi Lachisanu. Mawu akuti foda ya onse ndi ofunika. Mafayilo ambiri a m'maofesi mwathu amakhala pa laputopu ya munthu mmodzi kapena pa fulashi yomwe ili m'chikwama chake, ndipo chikwamacho chimakwera naye basi. Mphindi zisanu zosamutsira mafayilo atatu pamalo pomwe anzako angawapeze zimaposa malangizo a masamba awiri.

Chofunika kwambiri m'ndime ya makampani atatu aja ndi chenjezo lakuti yachitatu isalipidwe. Zimenezi zinali m'mutu mwa mayiyu mokha. Mnzake akanapeza mainivoisi atatu m'thireyi, akanalipira onse ndi mtima wofuna kuthandiza, ndipo ndalama zikanapita pa katundu amene mwina sanafike. Pafupifupi ntchito iliyonse ili ndi kamsampha kotere: kasitomala amene analonjezedwa mtengo wapadera, kalata yomwe isatumizidwe mpaka loya aione, makina omwe amafuna kuzimitsidwa mwanjira inayake. Wolemba imelo adzifunse kuti, kodi munthu wanzeru koma wosadziwa mbiri ya nkhaniyi angalakwitse pati? Yankho lake lilembedwe.

Kenako pali nkhani ya mphamvu. Mnzako angathe kukonza malipiro, koma sangavomereze kubanki ngati dzina lake silili m'gulu la osainira. Apa ndi pomwe anthu amachita chinthu choopsa: kusiya pasiwedi yawo, kapena kulonjeza kuti azitumiza manambala achinsinsi omwe banki imatumiza pafoni. Zimaoneka ngati kukomerana mtima, koma chilichonse chochitika ndi pasiwedi yako chimalembedwa kuti wachita ndiwe. Ndalama zikasowa sabata imeneyo, makina adzasonyeza dzina la munthu amene anali m'wodi ku Blantyre, ndipo kudziteteza kwake kudzayamba ndi kuvomera kuti anaphwanya malamulo a kampani. Njira yoyenera ndi yomwe mayiyu watsata: kupempha wina amene ali kale ndi mphamvuzo kuti alowe m'malo. Ngakhale pa imelo pali njira yololeza mnzako kuwerenga makalata ako popanda kumupatsa pasiwedi. Mu Gmail ili pa Grant access to your account, ndipo mu Outlook imatchedwa Delegate Access. Wa makompyuta wa pa ofesi angathe kuzikonza mwini wake ali kale m'njira.

Ndalama ndi makiyi zisasiyidwe kwa mlonda kapena pansi pa kiyibodi. Kuwerengera limodzi ndi kusainirana sikusonyeza kukayikirana. Kumateteza onse awiri, makamaka wolandirayo, amene popanda pepala limeneli angathe kufunsidwa za ndalama yomwe inali itaperewera kale. Ngati munthu wanyamuka usiku osafika ku ofesi, alembe ndalama yomwe akukumbukira kuti ilimo, anene komwe kuli makiyi, ndipo apemphe kuti bokosilo litsegulidwe pamaso pa anthu awiri.

Otsala ndi anthu akunja, omwe sakudziwa kuti mwini desiki kulibe. Yankho lodzitumiza lokha limawathandiza. Mu Outlook lili pa Automatic Replies, mu Gmail pa Vacation responder. Mizere iwiri yakwana: kulibe mpaka tsiku lakuti, ndipo nkhani zachangu zipite kwa a Uje. Chifukwa chochokera chisatchulidwe.

Pali njira yodziwira ngati kusiyirana kwayenda bwino. Mnzako akawerenga imelo n'kufunsa mafunso awiri kapena atatu tsiku loyamba, kenako n'kukhala chete, ndiye kuti zatheka. Mafoni akamachuluka tsiku ndi tsiku, onse oyamba ndi "kodi chakuti chili kuti," ndiye kuti zomwe zinasiyidwa ndi mayina a ntchito chabe. N'chifukwa chake ola limodzi la madzulo lomwe mayiyu waika ndi labwino kuposa mawu omwe ambiri amalemba mwaulemu, akuti muziimba nthawi ina iliyonse. Anzako amawakhulupirira mawu amenewo, ndipo foni imalira dokotala ali pakati pofotokoza zotsatira. Amene akupita kudera lovuta netiweki kapena lopanda magetsi otchajira foni anene zimenezo, kuti kusayankha kwake kusaoneke ngati mwano.

Akakhala maliro

Pa maliro imelo imafupika, chifukwa masiku ake amadziwika msanga: tsiku lonyamula thupi, tsiku loika m'manda, ndi tsiku limodzi kapena awiri a zokambirana za banja. Vuto lomwe limabuka ndi la ubale. Mabuku ambiri a malamulo a makampani amatchula mwamuna kapena mkazi, ana ndi makolo okubereka. Koma m'mabanja ambiri a m'chigawo chapakati ndi chakummwera, malume ndiye mwinimbumba, ndipo alipo anthu ochuluka amene analeredwa ndi agogo kapena mayi aang'ono makolo awo atamwalira. Kwa munthu wotere imfa ya mayi aang'ono ndi imfa ya mayi. Ofesi singadziwe zimenezi pokhapokha itauzidwa. Mawu ochepa monga "mayi anga aang'ono, omwe anandilera kuyambira ndili mwana," kapena "ndine mwinimbumba ndipo mwambo wonse ukudikira ine," amapatsa bwana chifukwa chogwirika chovomerezera. Akakana kupereka masiku a maliro chifukwa cha zomwe buku likunena, pempho lisanduke la tchuthi cha pachaka, ndipo ndi bwino kulemba njira ziwirizi mu imelo yomweyo kuti pasakhale kubwezerana makalata munthu ali pa siwa.

Makampani ena amafuna umboni. Munthu alonjeze kubweretsa pobwera, asachedwetse ulendo chifukwa cha pepala. Kalata yachidule ya kuchipatala yonena kuti wakutiwakuti anagonekedwa kuyambira tsiku lakuti imakwanira, ndipo palibe chifukwa chojambulira buku lonse la kuchipatala la wodwalayo, momwe muli mbiri ya matenda ake onse. Pa imfa yochitikira kumudzi, kalata ya amfumu ndiyo imapezeka msanga.

Nanga Lachinayi lija likafika wodwala asanapeze bwino? Mayiyu ayankhe pa imelo yomwe ija, osayamba ina, kuti nkhani yonse ikhale pamalo amodzi. Anene tsiku latsopano, awerengere masiku omwe atsala, ndipo aonenso ntchito. Lipoti lomwe likanadikira sabata imodzi mwina silingadikire masabata awiri, ndipo malipiro a mwezi amakhala akuyandikira. Kuwonjezera tchuthi kumafuna kusiyirana kwachiwiri, ndipo a Uje afunsidwenso ngati angapitirize. Pempho lotere lifike tsiku lobwerera lisanakwane. Likafika Lolemba masana, desiki itakhala kale yopanda munthu m'mawa wonse, limaoneka ngati chodzikhululukira cha munthu wojomba.

Zimachitikanso kuti bwana sayankha imelo konse. Ngati anavomera pafoni, chiganizo choyamba chija chakuti "monga ndinakuuzani pafoni" chimagwira ntchito, ndipo chingalimbikitsidwe polemba kuti "ndipo munavomera kuti ndinyamuke." Ngati sanapezeke pafoni pomwe, munthu atumize uthenga kwa wachiwiri wawo kapena ku ofesi yoona za ogwira ntchito, n'kusunga mauthenga onsewo. Bwana wabwino naye ali ndi mbali yake: kuyankha ndi mzere umodzi kuti wavomera, kupepesa, ndi kuuza ofesi kuti mafunso onse azipita kwa iye, osati kwa amene ali kuchipatala.

Zambiri mwa izi zimavuta kuziganiza usiku wa tsokalo, koma n'zosavuta kuzikonza zinthu zili bwino. Inu amene muli pantchito, sabata ino pitani ku ofesi yoona za ogwira ntchito mukafunse kuti buku lanu limapereka masiku angati pa maliro ndi pa matenda a wachibale, limawerengera abale ati, ndipo tchuthi chanu cha pachaka chatsala masiku angati. Mukabwerako, samutsirani m'foda ya onse mafayilo omwe ali pa kompyuta yanu yokha, ndipo mugwirizane ndi mnzanu mmodzi kuti zikadzagwa kwa wina wa inu, winayo adzagwira ntchito zake.